Kukonza webusaiti ya msonkhano: pulogalamu, okamba nkhani, kulembetsa ndi kulipira tikiti

Webusaiti ya msonkhano imagwira ntchito zinayi. Imauza anthu zomwe zidzachitike ndi nthawi yake, imawadziwitsa amene adzakambe nkhani, imalemba mayina a ofuna kubwera, ndiponso imalandira ndalama za matikiti. Ntchito zimenezi zimaoneka ngati zosiyana, koma zimadalirana kwambiri. Wokamba nkhani ali ndi gawo lake m'pulogalamu, gawolo lili ndi chipinda chokhala ndi mipando yowerengeka, ndipo mpando uliwonse uyenera kukhala wa munthu mmodzi amene walembetsa n'kulipira. Mavuto ambiri a mawebusaiti otere amayamba pamene mfundo imodzi yalembedwa malo awiri kapena atatu, kenako ina yasinthidwa ina n'kutsala. Choncho lamulo lalikulu pokonza ndi lakuti mfundo iliyonse isungidwe malo amodzi okha, ndipo masamba onse aziitenga pamenepo.

Kuti zimveke bwino, nkhaniyi itsata chitsanzo chongoyerekeza: bungwe la aphunzitsi a sayansi lomwe likukonza msonkhano wa masiku awiri ku Lilongwe, m'holo ya mipando 300 yokhala ndi zipinda zitatu zokambiranamo. Manambala ndi mitengo yonse ya m'chitsanzochi ndi yongothandiza kuwerengera.

Zofunika kugwirizana ntchito isanayambe

Komiti isanaitane katswiri wopanga webusaiti, iyenera kuyankha mafunso angapo n'kulemba mayankho ake papepala. Loyamba ndi kuchuluka kwa mipando yogulitsa, komwe sikufanana ndi kuchuluka kwa mipando ya m'holo. Pa mipando 300 ija, 24 ndi ya okamba nkhani, 16 ndi ya a komiti ndi othandizira, ndipo 10 ndi ya makampani omwe athandiza msonkhanowu ndi ndalama. Yotsala yogulitsa ndi 250. Nambala imeneyi ndiyo iyenera kuikidwa m'makina monga malire. Komiti yomwe yaiwala kuchotsera imagulitsa matikiti 300, ndipo imadzazindikira m'mawa wa tsiku loyamba alendo olemekezeka atasowa pokhala.

Funso lachiwiri ndi mitundu ya matikiti. M'chitsanzochi muli itatu: ya olembetsa msanga ya K60,000, ya nthawi zonse ya K80,000, ndi ya ophunzira ya K30,000. Tikiti iliyonse iyenera kukhala ndi tsiku loyambira kugulitsidwa, tsiku lomaliza, ndi mndandanda wa zomwe munthu apeze akaigula, monga chakudya chamasana ndi satifiketi. Ngati malo ogona sali pa tikiti, zinenedwe momveka, chifukwa m'misonkhano yambiri ya kuno anthu anazolowera kuti okonza ndi amene amaona za kogona ndi za mayendedwe. Funso lachitatu ndi la kubweza ndalama: wolephera kubwera abwezeredwa zingati, pofika liti, ndipo kodi angapereke tikiti yake kwa mnzake?

Palinso nkhani ya dzina la webusaiti. Mayina othera ndi `.mw` amayang'aniridwa ndi Malawi SDNP, ndipo bungwe lingasankhenso dzina lothera ndi `.org`. Chofunika n'chakuti dzinalo lilembetsedwe m'dzina la bungwe, osati la munthu amene wapatsidwa ganyu yopanga webusaiti, kuti iye akachoka bungwe lisataye adiresi yake. Webusaiti yomwe imalandira mayina ndi ndalama iyeneranso kukhala ndi adiresi yoyamba ndi `https`, kutanthauza kuti zomwe munthu akulemba zimabisidwa zikamayenda pa intaneti. Satifiketi yochitira zimenezi imapezeka yaulere ku Let's Encrypt.

Sipafunika kumanga zonse kuyambira pansi. Pali mapulogalamu okonzedwa kale omwe aliyense angagwiritse ntchito: Indico, yomwe inapangidwa ku CERN ndipo imagwiritsidwa ntchito kwambiri pa misonkhano ya akatswiri a maphunziro, pretalx, yolandirira mitu ya ofuna kukamba nkhani ndi kukonzera ndandanda, pretix, yogulitsira matikiti, komanso WordPress yowonjezeredwa WooCommerce. Posankha, funso lolemera kuposa onse ndi lakuti kodi pulogalamuyo ingalumikizidwe ndi njira zolipirira zomwe obwera ku msonkhano ali nazo m'manja.

Webusaiti siituluka yonse tsiku limodzi. Kutatsala miyezi isanu ndi umodzi, tsamba limodzi lonena dzina la msonkhano, masiku, malo ndi pempho la mitu ya nkhani ndi lokwanira. Kulembetsa kungatsegulidwe kutatsala miyezi inayi, kuti ofuna kupempha ndalama kuntchito kwawo akhale ndi nthawi. Pulogalamu yatsatanetsatane imabwera kutatsala masabata asanu ndi limodzi kapena kuposerapo pang'ono.

Pulogalamu

Anthu ambiri amalemba pulogalamu pakompyuta, n'kuisandutsa PDF kapena chithunzi, kenako n'kuiika pa webusaiti. Njirayi ndi yachangu koma ili ndi mavuto awiri. Pafoni zilembo zimachepa kwambiri, moti munthu amachita kukoka chithunzi uku ndi uku kuti awerenge mzere umodzi. Komanso pulogalamu ya msonkhano imasintha mpaka tsiku lomaliza, ndipo PDF yakale imapitiriza kuyenda pa WhatsApp ngakhale yatsopano itatuluka.

Njira yabwino ndi kusunga gawo lililonse la msonkhano palokha, lili ndi mutu, chidule cha nkhani, tsiku, nthawi yoyambira ndi yomalizira, chipinda, ndi dzina la wokamba losankhidwa pa mndandanda wa okamba. Msonkhano wa aphunzitsi uja uli ndi magawo asanu pa chipinda chilichonse patsiku, kutanthauza magawo 30 onse pamodzi. Tsamba la pulogalamu limangosonkhanitsa magawowa n'kuwandandalika motsata nthawi. Wokamba wa 10:30 m'chipinda chachiwiri akapempha kuti asunthidwe chifukwa basi yake yochokera ku Mzuzu ifika masana, mlembi amasintha nthawi pa gawo limodzi lokhalo. Pulogalamu, tsamba la wokambayo ndi ndandanda ya pakhomo la chipinda zimasintha zokha.

Kusunga magawo motere kumathandizanso kugwira zolakwika anthu asanazione. Poti okamba ndi 24 ndipo magawo ndi 30, ena akamba kawiri, ndipo n'zosavuta kuika munthu mmodzi m'zipinda ziwiri pa ola limodzi. Mapulogalamu ngati pretalx amachenjeza zoterezi zikachitika. Ngati webusaiti ilibe chenjezo lotere, mlembi asanje magawo motsata dzina la wokamba n'kuona ngati nthawi zikuwombana, kenako awasanje motsata chipinda. Pakati pa magawo pasiyidwe mphindi 10 zoti anthu asamuke, ndipo nthawi ya tiyi ndi ya nkhomaliro zionekenso pa pulogalamu.

Pa kompyuta zipinda zitatu zimaoneka bwino moyandikana, koma pafoni magawo ayenera kutsika mzere umodzi, lililonse litalembedwa nthawi ndi chipinda pamwamba. Pamutu pa tsamba palembedwe tsiku lomwe pulogalamu yasinthidwa komaliza. Ngati ena adzatsatira msonkhano ali kunja, nthawi ilembedwe ndi chizindikiro cha CAT, yomwe ili patsogolo pa UTC ndi maola awiri. Batani lotsitsira fayilo ya `.ics` limalola munthu kuika gawo m'kalendala ya foni yake, ndipo foniyo imasinthira yokha ku nthawi ya dziko lomwe ali.

Masamba a okamba nkhani

Anthu ambiri amasankha kupita ku msonkhano atayang'ana amene adzalankhule. Tsamba la wokamba liyenera kukhala ndi dzina lolembedwa mmene mwini wake amalilembera, udindo ndi komwe amagwira ntchito, mbiri yachidule ya mawu pafupifupi 100, chithunzi, ndi magawo omwe adzakambe. Magawowo asalembedwenso pamanja koma azichokera ku pulogalamu.

Ntchito yovuta pano ndi kusonkhanitsa zinthuzi. Zikamabwera zina pa imelo, zina pa WhatsApp kwa anthu osiyanasiyana a m'komiti, zimasokonekera, ndipo wina amapezeka atalembedwa udindo womwe anausiya kalekale. Fomu imodzi yomwe wokamba aliyense adzaza yekha, yokhala ndi malire a mawu ndi tsiku lomaliza, imathetsa vutoli. Pa fomu yomweyo wokamba anene ngati akulola kuti chithunzi chake chiikidwe poyera, kuti nkhani yake ijambulidwe, ndi kuti zomwe adzaonetse pa sikirini zigawidwe msonkhano ukatha. Nambala ya foni ndi imelo yake zikhale za komiti yokha.

Zithunzi ziyenera kuchepetsedwa zisanaikidwe. Chithunzi chochokera mufoni chingathe kulemera 4 MB, ndipo zithunzi 24 zotere pa tsamba limodzi zimakwana 96 MB. Wowerenga amene wagula bandulo yaing'ono amatseka tsambalo lisanatseguke. Chithunzi chomwecho chikadulidwa kukhala 600 ndi 600 n'kufinyidwa kufika pa 100 KB chimaonekabe bwino pafoni, ndipo onse 24 amangokwana 2.4 MB.

Fomu yolembetsera

Funso lililonse pa fomu likhale ndi munthu amene adzagwiritse ntchito yankho lake. Dzina ndi malo ogwirira ntchito n'za wosindikiza mabaji ndi masatifiketi. Imelo ndi foni n'zotumizira tikiti. Zakudya zomwe munthu sadya n'za ophika. Funso lokhudza njinga ya olumala kapena womasulira chinenero chamanja n'la okonza holo. Mafunso ngati tsiku lobadwa kapena nambala ya chiphaso cha unzika, ngati palibe wowafuna, achotsedwe. Amatalikitsa fomu, komanso amasenzetsa bungwe udindo wosunga zinsinsi zomwe silikuzifuna. Malawi ali ndi lamulo loteteza mfundo zokhudza anthu, Data Protection Act la 2024, lomwe amaliyang'anira ndi a MACRA. Fomu inene momveka amene asunge mfundozo, ntchito yake, ndi nthawi yomwe zidzafufutidwe. Kupereka mndandanda wa obwera kwa makampani othandiza kumafuna chilolezo chapadera cha munthu aliyense.

Fomu iyeneranso kusiyanitsa wogula ndi wobwera. Mphunzitsi wamkulu angagulire aphunzitsi asanu a pasukulu pake. Oda ndi imodzi, risiti ndi imodzi m'dzina la sukulu, koma matikiti ndi asanu, iliyonse ndi dzina lake. Webusaiti yomwe imaganiza kuti wolipira ndiye wobwera imatulutsa mabaji asanu a dzina limodzi.

Munthu akangodina batani lomaliza, makina amupatse nambala ya oda yaifupi yosavuta kuwerenga pafoni, yopanda zilembo zosokoneza monga O ndi 0. Nambala imeneyi ndiyo ulusi womwe umamanga kulembetsa, kulipira, risiti ndi tikiti.

Kulipira

Apa ndi pomwe pamafunika chisamaliro chachikulu. Obwera ku msonkhano wa ku Malawi amalipira m'njira zitatu. Ambiri olipira okha amagwiritsa ntchito Airtel Money kapena TNM Mpamba. Ochokera kunja ndi ena a m'dziko muno amagwiritsa ntchito makhadi a Visa kapena Mastercard. Maofesi a boma, masukulu ndi mabungwe amafuna invoisi kaye, kenako amalipira kudzera kubanki pakapita masiku. Webusaiti yolandira njira imodzi yokha imatsekera kunja gulu lonse la anthu.

Bungwe silimalumikizana lokha ndi kampani iliyonse ya mafoni kapena ya makhadi. Limalembetsa ku kampani ya pakati yomwe imasonkhanitsa njirazi, monga PayChangu ya ku Malawi konkuno kapena DPO Pay yomwe imagwira ntchito m'mayiko angapo a mu Africa. Makampani otere amafuna zikalata zosonyeza kuti bungwe linalembetsedwa mwalamulo, ziphaso za atsogoleri ake ndi akaunti ya kubanki, ndipo kuunika zimenezi kumatenga nthawi. Ntchitoyi iyambike msanga, pamodzi ndi kulembetsa dzina la webusaiti. Amadulanso kachigawo pa malipiro alionse. Tiyerekeze kuti amadula K3 pa K100 iliyonse: pa tikiti ya K80,000 bungwe lilandira K77,600, ndipo pa matikiti 250 otere lataya K600,000. Komiti isankhiretu ngati iwonjezere ndalamayi pa mtengo kapena iiwerengere m'bajeti, ndipo ifunse kuti ndalama zimafika ku akaunti patapita masiku angati, chifukwa hotela ndi ophika amafuna chikole tsiku lisanafike. Manambala a makhadi asadutse kapena kusungidwa pa webusaiti ya bungwe. Wolipira azilemba pa tsamba la kampani yolandira ndalamayo, yomwe imatsata malamulo a chitetezo a PCI DSS.

Oda iliyonse imakhala pa umodzi mwa miyezo inayi. Mu pretix imatchedwa `pending`, `paid`, `expired` ndi `canceled`: yodikira malipiro, yolipidwa, yotha nthawi, ndi yothetsedwa. Oda yodikira imasungira munthu mpando, choncho iyenera kukhala ndi malire. Kwa wolipira pafoni kapena pakhadi mphindi 30 n'zokwanira, ndipo kwa ofesi yolipira ndi invoisi masiku 14 ndi abwino. Popanda malire, anthu 60 omwe anayamba kulembetsa n'kusiyira panjira angachititse webusaiti kulengeza kuti mipando yatha pamene olipira ndi 190 okha. Kusunga mpando kumatetezanso kuti anthu awiri asalipire mpando womaliza pa nthawi imodzi.

Tsopano titsate mphunzitsi wina wa ku Dedza amene wasankha tikiti ya K80,000. Makina atsegula oda yodikira ndipo amutumiza kukalipira. Iye walemba nambala yake ya Mpamba, foni yamufunsa PIN, wailemba, ndipo ndalama zachoka. Nthawi yomweyo netiweki yadula, tsamba lonena kuti zatheka silinatseguke. Ngati webusaiti imadalira kuti wolipira abwerere ku tsamba limenelo ndipo ndipamene imalemba kuti walipira, oda ya mphunzitsiyu itha nthawi, mpando wake ugulitsidwa kwa wina, pamene ndalama zake zili kale ku bungwe. Ili ndilo vuto lofala kwambiri pa mawebusaiti ogulitsa matikiti.

Yankho lake ndi uthenga womwe kompyuta ya kampani yolandira ndalama imatumiza mwachindunji ku seva ya webusaiti osadutsa pafoni ya wolipira. M'mabuku a makampaniwa umatchedwa `webhook` kapena `callback`. Uthenga umenewu ukafika, seva iyenera kuchita zinthu zinayi isanatulutse tikiti. Itsimikize kuti wachokeradi ku kampaniyo, poona siginecha yake kapena pofunsanso kampaniyo za malipirowo. Ione kuti nambala ya oda ilipo. Ione kuti ndalama ndi K80,000 yeniyeni ndipo ndi ya makwacha. Pomaliza ione ngati odayo sinalipidwe kale, chifukwa uthengawu umatha kubwera kawiri, ndipo seva yosasamala imatulutsa matikiti awiri pa malipiro amodzi. Ngati uthenga wafika oda itatha kale nthawi, makina abwezeretse mpando ngati ulipo, ndipo ngati palibe adziwitse msungichuma kuti abweze ndalama.

Malipiro a kubanki amafuna munthu. Invoisi ilembe moonekera kuti wolipira aike nambala ya oda pa malo ofotokozera malipiro. Msungichuma aziyang'ana sitetimenti ya kubanki kawiri kapena katatu pa sabata n'kusintha oda kukhala yolipidwa pokhapokha ndalama zitaoneka mu akaunti. Chithunzi cha risiti chotumizidwa pa WhatsApp si umboni wokwanira, chifukwa n'chosavuta kusintha ndipo chimodzi chingatumizidwe ndi anthu angapo. Maofesi ena amalipirira anthu khumi pa nthawi imodzi osalemba nambala iliyonse, choncho pakhale mndandanda wa ndalama zomwe zafika koma mwini wake sakudziwika, ndi munthu woimbira foni maofesiwo.

Chizindikiro choti zinthu zili bwino ndi chimodzi: kumapeto kwa sabata iliyonse, ndalama za maoda olipidwa pa webusaiti zifanane ndi zomwe kampani yolandira ndalama yalemba kuphatikiza za kubanki. Za kampani zikachuluka, ndiye kuti pali wolipira amene sanalandire tikiti. Za pa webusaiti zikachuluka, pali tikiti yomwe yatuluka popanda ndalama.

Tikiti, kuyesa ndi tsiku la msonkhano

Tikiti imatumizidwa pa imelo ili ndi dzina, mtundu wake ndi chizindikiro cha QR chomwe chimagwira ntchito kamodzi pakhomo. Poti si onse amatsegula imelo kawirikawiri, uthenga wa SMS wokhala ndi nambala ya oda umathandiza. Maimelo ochokera ku webusaiti yatsopano amagwera kawirikawiri mu `Spam`, ndipo katswiri amachepetsa vutoli poika zolembera za SPF ndi DKIM pa dzina la webusaiti.

Kulembetsa kusanatsegulidwe, anthu angapo omwe sanakhale nawo pokonza ayese njira yonse pa mafoni otsika mtengo ndi bandulo wamba. Makampani olandira ndalama amapereka malo oyeserera opanda ndalama zenizeni, koma pamapeto pake pagulidwe tikiti imodzi ya ndalama zenizeni pa njira iliyonse. Oyesawo achite dala zolakwika: alembe PIN yolakwika, atseke tsamba atangolipira, adine batani lolipirira kawiri, ndiponso awiri alimbirane mpando womaliza malire ataikidwa pa tikiti imodzi.

Pa tsiku lenilenilo magetsi kapena netiweki zingathe kuvuta, ndipo anthu 250 amafika pafupifupi ola limodzi. Mafoni owerengera QR akhale atatsitsiratu mndandanda kuti agwire ntchito popanda intaneti, ndipo pakhale mndandanda wosindikizidwa wotsata alifabeti. Tebulo la omwe ali ndi vuto la malipiro likhale pambali, msungichuma ali pomwepo, kuti mzere waukulu usaime.

Msonkhano ukatha, fomu yolembetsera itsekedwe, zomwe okamba analola ziikidwe pa magawo awo, masatifiketi atumizidwe kwa omwe analembedwa pakhomo, ndipo ndalama ziwerengedwe komaliza. Mfundo za anthu zifufutidwe pa tsiku lomwe linalonjezedwa, kupatula marisiti omwe bungwe liyenera kusunga. Pulogalamu ndi masamba a okamba zisungidwe pa adiresi yokhala ndi chaka cha msonkhanowo, kuti wa chaka chotsatira udzakhale ndi malo ake popanda kufufuta wakale.